Nkhope ya munthu weniweni m'kajambulidwe ka anime: zimene timataya ndi zimene sitingataye

Achemwali anga aakulu atakwanitsa zaka 41, ndinaganiza zowajambula pamanja m'kajambulidwe ka anime, makatuni a ku Japan aja, kuti ndiwapatse ngati mphatso. Ndinatenga chithunzi chawo cha pa foni, ndinakhala nacho madzulo awiri, ndipo chimene chinatuluka chinali chokongola ndithu. Maso anali aakulu ndi owala, chibwano chosongoka bwino, tsitsi lotulukira m'duku lili waliwali. Ndinapita nacho kwa mayi, amene anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti, "Mwanawe, mtsikana ameneyu ndi wa kwa yani?" Nditawauza kuti ndi mwana wawo woyamba, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Duku lokha ndi lake. Nkhopeyi si yake ayi."

Vuto limeneli amakumana nalo aliyense wofuna kusandutsa chithunzi cha kamera kukhala anime. Kajambulidwe kameneka kamakhalira kuchotsa zinthu. Mphuno imasanduka kamzere, pakamwa kamzere, tsitsi limasanduka zigawo zowerengeka, khungu limapakidwa mitundu iwiri kapena itatu yokha. Ndiye funso n'lakuti, mukachotsa zonsezo, munthu amatsalira pati? Yankho limene ndafikapo nditajambula nkhope zambiri n'lakuti kufanana sikukhala kwenikweni m'ziwalo zimene timazichepetsazo. Kumakhala m'mipata ya pakati pa ziwalozo, ndiponso m'zinthu ziwiri kapena zitatu zimene nkhope ya munthuyo imasiyanira ndi nkhope za anthu ena onse. Diso mungalisinthe kwambiri, munthu n'kumadziwikabe. Koma mukalisuntha pang'ono pokha pamalo olakwika, mwajambula mlendo.

N'kofunika kudziwa kaye chifukwa chake anime amaoneka mmene amaonekeramu. Mu 1963 Osamu Tezuka anayamba kuonetsa katuni yake ya Tetsuwan Atomu pa wailesi ya kanema ya ku Japan sabata iliyonse. Kuti gawo latsopano lituluke mlungu ndi mlungu, ojambula ankayenera kuchepetsa ntchito. Munthu mmodzi wa m'nkhaniyo ankajambulidwa kambirimbiri, ndi manja a anthu osiyanasiyana, choncho mzere uliwonse wosafunika unali ntchito yowonjezera. Utoto unkapakidwa pa timapepala toonekera mkati, ndipo pamenepo n'kosavuta kupaka mtundu umodzi wosalala kusiyana n'kusakaniza mitundu pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mthunzi wa anime uli ndi malire akuthwa. Maso aakulu anathandiza kuti chimwemwe, mantha ndi chisoni zioneke ngakhale thupi lonse litangoima. Zonsezi zinapangidwira anthu ongopeka, amene amasiyanitsidwa ndi tsitsi, zovala ndi mtundu wa maso. Sizinapangidwire kuti zifanane ndi azakhali anu. Ife tikamajambula munthu weniweni, tikugwiritsa ntchito chida pa ntchito imene sichinasulidwire, ndipo tiyenera kudziwa pamene chimaterereka.

Ntchito imayambira pa chithunzi chimene mwasankha. Chithunzi chimene munthu wadzijambula yekha, foni ili pafupi ndi nkhope, chimanama. Mu 2018 Boris Paskhover ndi anzake anawerengera kuti chithunzi chojambulidwa pa mtunda wa masentimita 30 chimakulitsa mphuno ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse, pomwe pa mtunda wa mita imodzi ndi theka mphuno imaoneka pafupifupi mmene ilili. Chifukwa chake n'chosavuta: mphuno ndiyo ili pafupi kwambiri ndi kamera, makutu ali kutali, ndiye chapafupi chimakula, chakutali chimachepa. Mukayeza nkhope pa chithunzi chotere, miyezo yanu yonse yapotoka musanayambe n'komwe. Ine ndimapempha zithunzi zitatu: choyang'ana kutsogolo chojambulidwa ndi munthu wina ataima patali pang'ono, chotembenukira pambali pang'ono, ndi china chimene munthuyo akuseka kapena akulankhula osadziwa kuti akujambulidwa. Choyambacho ndi choyezera. Chachitatucho ndi chimene chimandiuza mmene abale ake amamudziwira.

Ulendo wachiwiri ndinasindikiza chithunzi cha achemwali pa pepala, mutu kuchokera pa liwombo mpaka pa chibwano uli mamilimita 200, n'kutenga rula. Nkhope ya munthu wamkulu kawirikawiri imakhala chonchi: maso amakhala pakati penipeni pa mutu, m'lifupi mwa nkhope mumakwana maso asanu, ndipo mpata wa pakati pa maso awiri umafanana ndi diso limodzi. Miyezo imeneyi si lamulo, koma ndi poyambira pabwino, chifukwa chimene tikufuna ndi kuona pamene munthu wathu wachokapo. Pa pepala langa nkhope inali mamilimita 135 m'lifupi pa mafupa a masaya. Diso lililonse linali 27 m'litali ndi 10 kuchoka pa chikope chapamwamba kufika chapansi. Mpata wa pakati pa maso unali 33. Apa ndi pamene ndinaona koyamba chinthu chimene ndakhala ndikuchiona moyo wanga wonse osachitchula: maso a achemwali ndi otalikirana. Mpata wawo ndi diso limodzi ndi kachigawo kamodzi mwa zisanu.

Tsopano taonani chimene ndinalakwitsa poyamba. Ndinakulitsa diso lililonse kufika mamilimita 38, koma ndinalikulitsa lili pamalo ake omwewo, likufutukukira mbali zonse. Pakati pa diso lina ndi pakati pa linzake panali 60. Mukachotsapo 38, mpata umatsala 22 basi, umene ndi woposa pang'ono theka la diso. Munthu wa maso otalikirana ndinamusandutsa wa maso oyandikana, ndipo palibe utoto umene ukanakonza zimenezo. Ulendo wachiwiri ndinakulitsa diso pang'ono chabe m'litali, kufika 31, n'kukankhira maso onse kunja kuti mpata ukhale 37. Mukagawa 37 ndi 31 mupeza pafupifupi 1.2, chimodzimodzi ndi 33 kugawa ndi 27. Kukula kwenikweni ndinakuika m'mwamba ndi m'munsi, kuchoka pa 10 kufika pa 16. Diso la anime limaoneka lalikulu makamaka chifukwa chotseguka, osati chifukwa chotalika, ndipo kutseguka sikudya mpata wa pakati.

M'kati mwa diso ndiye mungataye zambiri popanda mantha. Timitsempha tofiira, kanyama ka pangodya ya mkati, nsidze za pa chikope chimodzi chimodzi, zonsezi zimapita. Chikope chapamwamba chimasanduka mzere umodzi wonenepa, wolemera kwambiri chakunja. Chapansi chimakhala kamzere kochepa kosalumikizana ndi chapamwamba, nthawi zina osajambulidwa n'komwe. Gawo lozungulira la diso, limene kwa ambiri a ife ndi lakuda mofiirira, limakulitsidwa n'kukhala lotalikira m'mwamba ngati dzira, lakuda kumtunda kumene chikope chimagwetsa mthunzi, lowala kumunsi, ndi kadontho koyera kosonyeza kumene kuwala kukuchokera. Kadontho kameneka kakhale mbali imodzi m'maso onse awiri. Kakakhala kumanja m'diso lina ndi kumanzere m'linzake, munthu amaoneka wa maso opingasa.

Pali zinthu ziwiri m'diso zimene sindizisintha. Choyamba ndi kupendekeka kwake. Jambulani mzere kuchoka pa ngodya ya mkati kufika pa ngodya ya kunja, muone ngati ukukwera, ukutsika kapena uli chopingasa. Ojambula a ku Japan ali ndi mayina a zimenezi: diso lokwera kunja amalitcha tsurime, lotsika kunja amalitcha tareme, ndipo amagwiritsa ntchito loyambalo pa anthu olimba mtima kapena aukali, lachiwirilo pa anthu ofatsa. Ngozi yake ndi yakuti dzanja limathamangira diso limene linazolowera. Maso a achemwali amatsika pang'ono kunja, koma ine ndinawakweza chifukwa ndi mmene ndinaphunzirira, ndipo munthu wofatsa uja anaoneka ngati akufuna kukalipa. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa gawo lozungulira limene chikope chimaphimba. Ena chikope chimawagwera mpaka pafupi ndi mwana wa diso, ndipo amaoneka odekha kapena otopa. Ena diso lonse limaoneka. Mukatsegula diso la munthu wa zikope zolemera kuti likhale ngati la mwana wodabwa, mwamuchotsa khalidwe lake.

Pa nsidze ndiimapo pang'ono, chifukwa ambiri amazinyozera. Mu 2003 Javid Sadr, Izzat Jarudi ndi Pawan Sinha a pa yunivesite ya MIT ku America anaonetsa anthu zithunzi za anthu otchuka, zina atafufuta maso, zina atafufuta nsidze. Anthu anavutika kwambiri kuzindikira nkhope zopanda nsidze kusiyana ndi zopanda maso. Kwa wojambula anime nkhani imeneyi ndi yabwino kwambiri. Diso timalisintha chifukwa kajambulidwe kakufuna zimenezo, koma nsidze palibe chotikakamiza kuzisintha. Ndi mzere umodzi kale, ndipo mzerewo mungautsatire mmene ulili: kunenepa kwake, pamene umayambira, pamene umapindikira, kutalikirana kwake ndi diso. Chizolowezi cha anime ndi kujambula nsidze zopyapyala zokwera m'mwamba kwambiri. Nsidze za achemwali n'zonenepa, zowongoka, zili pafupi ndi diso, ndipo yakumanzere ndi yokwera pang'ono kuposa yakumanja. Nditabwezeretsa zimenezi, nkhope inayamba kulankhula ndisanajambule n'komwe pakamwa.

Kukwera kwa nsidze imodziko kukutifikitsa pa yesero lina la mapulogalamu ojambulira. Mu Krita, ibisPaint kapena Clip Studio Paint mungajambule theka la nkhope n'kulikopera mbali inayo. Ntchito imafulumira, koma palibe munthu amene mbali zake ziwiri n'zofanana ndendende, ndipo kusiyanako ndi mbali ya mmene timamudziwira. Wina pakamwa pamakwera mbali imodzi akamamwetulira, wina diso limodzi ndi laling'ono. Sankhani kusiyana kumodzi koonekera kwambiri, mukusunge.

Mphuno ndi milomo ndi pamene kajambulidwe kameneka kamativuta kwambiri ife anthu akuda, ndipo apa mpofunika kulankhula mosabisa. Nkhope yozolowereka ya anime ili ndi mphuno imene ndi kadontho kapena kamzere kopindika, ndi pakamwa popanda milomo. Pa nkhope ya mphuno yaing'ono ndi milomo yopyapyala, zotayika n'zochepa. Pa nkhope ya achemwali, mphuno inali mamilimita 38 m'lifupi, yotambalala kuposa mpata wa pakati pa maso, ndipo milomo yonse iwiri ndi yodzaza. Kuika kadontho pamenepo kunali kufufuta mbali yaikulu ya nkhope yawo, ndiponso kufufuta mtundu wawo. Kulakwitsa kwa mbali inayo n'koipa koposa: kuzunguliza milomo ndi mzere wonenepa n'kuipaka mtundu wofiira kapena wotuwa, monga zinkachitira zojambula zakale zonyoza anthu akuda. Zimenezo zimapweteka, ndipo wojambula wosasamala amagweramo asakudziwa.

Njira imene imandithandiza ndi kusunga m'lifupi koma kuchepetsa mizere. Pa mphuno sindijambula msana wake kuchokera pa nsidze. Ndimaika timizere tiwiri tating'ono topindika m'mbali, pamene mapiko a mphuno amathera, pa mtunda wake weniweni, ndi kamthunzi kamodzi pansi pa nsonga. Diso la woona limadzaza lokha zotsalazo. Pakamwa ndimajambula mzere wa pakati pa milomo mosamala kwambiri, chifukwa ndi umene umanyamula kumwetulira, ndipo ndimaudula pang'ono pakati kuti usaume. Mlomo wapamwamba ndimaupaka mtundu wakuda pang'ono kuposa khungu, wopanda mzere wozungulira. Wapansi ndimausonyeza ndi kamthunzi kafupi pansi pake ndi kakuwala kamodzi pamwamba. Kutalika kwa mtunda wochoka pa mzere wa pakamwa kufika pa kamthunziko ndi kumene kumauza woona kuti mlomo ndi wodzaza. Mano sajambulidwa limodzi limodzi, amakhala chigawo chimodzi choyera. Koma ngati munthu ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, monga alili achemwali, kamzere kamodzi kameneko n'kofunika kuposa maola onse amene mungathere pa utoto wa maso.

Chibwano ndi masaya zimagwirizana ndi msinkhu, ndipo ichi n'chifukwa chake mayi anati "mtsikana". Mu 1943 katswiri wa khalidwe la nyama Konrad Lorenz anafotokoza zinthu zimene zimachititsa kuti tione nkhope ngati ya khanda: mphumi yaikulu, maso aakulu okhala m'munsi, mphuno ndi chibwano chaching'ono. Nkhope yozolowereka ya anime ili ndi zonsezi. Mukatsitsa maso pansi pa theka la mutu n'kufupikitsa chibwano, munthu wa zaka 41 amasanduka wa zaka 15. Kuti msinkhu usathawe, ndinasiya maso pa mamilimita 100, pakati penipeni pa mutu, ndipo sindinafupikitse mtunda wochoka pa mphuno kufika pa chibwano. Mzere wa nsagwada ndinauwongola, kuchotsa timapiri ndi timaenje, koma ndinasunga pamene umakhotera, chifukwa nkhope ya achemwali ndi yotambalala m'masaya ndipo chibwano chawo n'chozungulira, si chosongoka.

Makwinya asamaleni. Pa chithunzi cha kamera amasakanikirana ndi zinthu zina zambirimbiri, koma pa nkhope ya mizere makumi awiri, mzere uliwonse umafuula. Mizere iwiri yochoka pa mphuno kutsikira m'mbali mwa pakamwa, mukaijambula yonse, mwajambula agogo. Ine ndinaika kamzere kafupi pansi pa diso lililonse ndi kachidutswa kakang'ono pambali pa mphuno, mbali ya mthunzi yokha. Zinakwanira.

Tsitsi ndi limene limasinthidwa kwambiri pa zonse, komanso ndi limene anthu osamudziwa bwino munthuyo amayamba kuona. Ofufuza a kuzindikira nkhope anapeza kalekale kuti munthu amene timamudziwa bwino timamuzindikira makamaka ndi za mkati mwa nkhope, maso, nsidze, mphuno ndi pakamwa, pomwe kwa munthu wachilendo timadalira kwambiri tsitsi ndi mpangidwe wa mutu. N'chifukwa chake anzanga amene anaona achemwali kamodzi kokha anayamikira chojambula choyamba chija, pomwe mayi anachikana.

Tsitsi silijambulidwa limodzi limodzi. Mumayamba ndi mpangidwe wake wonse, ngati mukuona munthu ataima pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwake. Kenako mumagawa mpangidwewo m'zigawo zikuluzikulu zotsata kumene tsitsi likulowera, ndipo pomaliza mumawonjezera timizere tochepa tothawa m'mbali kuti lisaoneke ngati chipewa. Zitatu zosasinthika ndi malire a tsitsi pa mphumi, pamene lagawikira, ndi kutalika kwake kuchoka pa chigaza. Munthu wa mphumi yaikulu mukamutsitsira tsitsi, kapena wa dazi loyamba mukamudzazira m'mbali, angakondwe, koma abale ake sadzamuzindikira.

Mabuku ambiri ophunzitsa anime amaonetsa tsitsi lowongoka logwa, lokhala ndi nsonga zakuthwa ndi lamba wowala wozungulira pamutu, amene a ku Japan amamutcha tenshi no wa, kutanthauza mphete ya mngelo. Lamba ameneyu amabwera chifukwa tsitsi lowongoka limabweza kuwala ngati chitsulo chosalala. Tsitsi lathu lachilengedwe silitero. Limamwaza kuwala, ndipo mukaliika lamba wotere limaoneka ngati wigi ya pulasitiki. Pa tsitsi lopesa lokwera m'mwamba, ntchito yonse ili m'mphepete: mzere wa timapindi tosafanana kukula, mkati mtundu umodzi, ndi timagulu tochepa ta mtundu wowalirapo mbali imene kuwala kukuchokera. Pa mutu wometa mwafupi, ndi mtundu wosalala wotsata chigaza, ndipo malire a pa mphumi ndi m'mbali mwa makutu ndiwo amanyamula kufanana konse.

Ulendo wachiwiri ndinajambula achemwali opanda duku, ali ndi tsitsi loluka mizere yopita kumbuyo. Pa chithunzi ndinawerenga mizere 14. Nditayesa kujambula yonse ndi maluko ake, mutu unadzaza mizere moti maso a woona ankathawa pa nkhope n'kupita pa tsitsi. Ndinachepetsa kufika pa 8, ndinasunga kupindika kwake pamwamba pa makutu, ndinasiya timizere ta khungu pakati pake, ndipo maluko enieni ndinawajambula pa mizere itatu yakutsogolo yokha, kwinako n'kungosonyeza ndi timizere tochepa. Palibe amene anawerenga. Lamulo limene ndimatsata n'lakuti tsitsi lisakhale ndi mizere yambiri kuposa mmene nkhope ingapirire.

Khungu limapakidwa mtundu woyambira, mthunzi umodzi, ndi kuwala pang'ono. Musatenge mtundu pa chithunzi mwa kungogunda malo amodzi ndi chida chotolera mtundu. Pa mphumi kapena pa nsonga ya mphuno pamakhala kunyezimira, ndipo mudzapeza mtundu wotuwa umene udzachititsa munthu kuoneka mbuu ngati sanadzole. Pansi pa chibwano mudzapeza wakuda kwambiri. Tolani pa tsaya, pamene pali kuwala koma sipakunyezimira, muyerekeze ndi zithunzi zina ziwiri zija, chifukwa makamera a foni amakonda kuwalitsa khungu. Mu pulogalamu yojambulira, mthunzi muuike pa leya yakeyake, imene ili ngati kapepala koonekera mkati pamwamba pa chojambula, yoikidwa pa Multiply kuti mthunziwo usakanikirane ndi mtundu wa pansi pake, ndipo mtundu wake ukhale wofiirira kapena wopita ku pepo, osati wakuda, chifukwa wakuda umadetsa khungu ngati mwaye. Malo a mthunzi ndi ochepa: pansi pa chibwano pa khosi, pansi pa tsitsi, pansi pa mphuno ndi mlomo, ndi mbali imodzi ya nkhope.

Pa khungu lakuda pali kusiyana kumene mabuku aja satchula kawirikawiri. Pa khungu loyera, mpangidwe wa nkhope umaoneka ndi mithunzi. Pa khungu lakuda umaoneka kwambiri ndi kuwala: pa fupa la tsaya, pa mphumi, pa msana wa mphuno. Choncho timagawo titatu kapena tinayi towala, ta malire akuthwa ngati a mthunzi, timagwira ntchito yaikulu. Kuwala kwa pa fupa la tsaya la achemwali ndi kumene kunabweretsa masaya awo okwera popanda mzere uliwonse. Onetsetsaninso kuti mizere yanu ndi yakuda mokwanira kuti isamire m'khungu, ndipo choyera cha diso chisakhale choyera mbee, chikhale chotuwirako pang'ono, apo ayi maso amatuluka pa nkhope ngati nyali. Ndipo musawalitse khungu la munthu kuti "lifanane ndi anime". Mtundu wa khungu ndi mbali ya kufanana, mofanana ndi nsidze.

Pali mfundo ina imene imadabwitsa oyamba kumene. Mukachotsa zambiri pa nkhope, zotsalazo zimafunika kukokomeza pang'ono kuti zimveke. Mu 1987 Gillian Rhodes, Susan Brennan ndi Susan Carey anayesa zojambula za mizere yokha ndipo anapeza kuti anthu ankazindikira msanga zimene zinakokomeza kusiyana kwa nkhope ndi nkhope wamba, kuposa zimene zinatsata miyezo yeniyeni. Ojambula a ku Japan amene amajambula anthu m'mapaki ndi m'masitolo, ntchito imene amaitcha nigaoe, amachita zomwezi ndi diso lawo. Kwa ife tanthauzo lake n'lakuti musanagwire pensulo, lembani zinthu zitatu zimene mungauze munthu wopita kukachingamira m'bale wanuyo pa depoti asanamuonepo. Za achemwali zinali maso otalikirana, nsidze zonenepa zowongoka, ndi mpata wa mano. Zitatuzo ndinazikankha pang'ono kupitirira muyezo, nsidze ndinazinenepetsa kuposa mmene zilili, ndipo zina zonse ndinazilola kuti zitsate kajambulidwe ka anime. Mukakokomeza zonse, chimasanduka chojambula choseketsa. Mukapanda kukokomeza kalikonse, munthu amasungunuka n'kukhala nkhope imene mumajambula nthawi zonse.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda? Chepetsani chojambula ndi chithunzi chija mpaka zikhale ngati chikhadabo cha chala chachikulu, muziike pamodzi. Pa kukula kumeneko utoto wokongola wa m'maso suoneka, chimatsala ndi mpangidwe wa mutu, tsitsi, nsidze ndi mipata. Zikapanda kufanana pamenepo, vuto lili pa miyezo, ndipo kuwonjezera zokongoletsa n'kutaya nthawi. Tembenuzaninso chojambulacho kumanja kukhale kumanzere, chifukwa diso limazolowera zolakwa zake, ndipo mukatembenuza mumaona nthawi yomweyo kuti chibwano chakhotera mbali imodzi. Mukatha, chibwezeni mmene chinalili. Apa samalaninso ndi zithunzi zodzijambula, pakuti mafoni ena amazisunga motembenuka ngati pa kalilole. Mwini wake amazolowera nkhope ya pa kalilole, pomwe abale ake amadziwa inayo. Ngati chipsera kapena nsidze yokwera ili kumanzere kwenikweni, funsani kuti mutsimikize, chifukwa mukaiika kumanja achibale amamva kuti china chake chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula.

Yeso lomaliza ndi munthu amene amamudziwa bwino, ndipo musamuuze kuti mwajambula ndani. Mukafunsa kuti "kodi akufanana ndi akuti?", aliyense amavomera mwaulemu. Ine ndinabisa tsitsi ndi zovala ndi dzanja, n'kuonetsa mayi nkhope yokha. Anayang'ana kanthawi kochepa, n'kuloza ndi chala pa nsidze yakumanzere ija. "Awa ndi akulu ako," anatero. "Akamandiyang'ana chonchi ndiye kuti pali chimene akufuna kundipempha." Kenako anandiuza kuti makutu ndawachepetsa, ndipo nditabwerera ku rula ndinapeza kuti analondola: ndinali nditawafupikitsa ndi mamilimita 6.